Lipoti: momwe gulu losoka zovala linagawanira ndalama za mabatire ake osadziwa

Lipoti lino likutsatira kagulu ka anthu asanu ndi atatu osoka mayunifolomu a sukulu, kuyambira pomwe kanalandira zipangizo mpaka pomwe bajeti yake inakonzedwanso patatha zaka zitatu. Nkhaniyi ndi yachitsanzo, ndipo manambala ake sakuimira ndalama ya dziko lililonse. Chofunika ndi momwe manambalawo akukhalirana, chifukwa vutoli limaoneka chimodzimodzi kaya ntchito ndi yosoka, yowotcherera kapena yojambula mapepala.

Zomwe gulu linalandira

Bungwe lothandiza linapereka katundu wa ndalama zokwana 6,000. Munali makina anayi osokera oyendera magetsi, alionse a 600, makina a ovaloko, omangira m'mphepete mwa nsalu kuti isasosoke, a 900, matebulo ndi mipando za 500, ndi magetsi a dzuwa a 2,200, popeza malo ogwirira ntchitowo analibe magetsi odalirika. Mitengoyi ikuphatikiza zonyamulira ndi zolipira woika, ndipo ndi momwe ziyenera kulembedwera: mtengo wa chipangizo ndi zonse zomwe zalowa kufikira tsiku lomwe chayamba kugwira ntchito, osati nambala ya pa lisiti yokha.

Gulu linkasoka zovala pafupifupi 200 pamwezi, kutanthauza 2,400 pachaka, ndipo chimodzi linkagulitsa 5. Pachaka zinkalowa 12,000. Nsalu, ulusi ndi mabatani zinkadya 7,200, malipiro a osoka 2,400, lendi 720, zokonzetsa makina pamodzi ndi singano ndi mafuta 240, mayendedwe 240. Zonse zotuluka zinali 10,800, n'kutsala 1,200. M'zaka zitatuzo nsalu inakwera, gulu nalonso linakweza mtengo wa chovala mofanana, choncho zotsalazo sizinasinthe kwenikweni, ndipo m'lipoti lino tagwiritsa ntchito manambala a chaka choyamba kuti kuwerenga kusavute.

Msungichuma ankalemba bwino. Lisiti iliyonse inalipo, buku la ndalama linkagwirizana ndi zomwe zili m'bokosi. Miyezi isanu ndi umodzi ikatha, zotsala zonse ankazitcha phindu n'kuzigawa, membala aliyense n'kulandira 150 pachaka kuwonjezera pa malipiro ake osokera. Panalibe kuba kapena kusakaza. Chomwe chinasowa ndi mzere umodzi m'bajeti.

Mzere womwe unasowa

Makina sadikira tsiku lomwe afe kuti ayambe kutha. Chovala chilichonse chikamasokedwa, makina amadyeka pang'ono, batire limatha pang'ono, koma palibe amene amabwera ndi lisiti ya kuthako. Owerengera ndalama amakutcha dipulisiyeshoni, ife tikuti kutha kwa zipangizo. Ndi njira yogawira mtengo wa chipangizo pa zaka zomwe chigwire ntchito, kuti chaka chilichonse chisenze gawo lake.

Kawerengedwe kophweka ndi kogawa mofanana. Mumatenga mtengo wogulira, n'kuchotsapo zomwe mungadzapeze mukachigulitsa chitatha, zotsalazo n'kugawa ndi zaka zomwe chikhale. Makina a ovaloko a 900, omwe angadzagulidwe 60 pakatha zaka zisanu ndi chimodzi, akutha ndi 140 pachaka: 900 kuchotsa 60 ndi 840, kugawa pasanu ndi kamodzi. Pali njira zina ziwiri zodziwika, ina yochotsa peresenti yofanana pa mtengo wotsala chaka ndi chaka, ina yowerengera kuchuluka kwa ntchito yomwe makina agwira. Ya peresentiyo imathandiza pa zinthu zomwe zimagwa mtengo msanga zikadali zatsopano, monga galimoto. Kwa kagulu kolemba m'buku ndi cholembera, yogawa mofanana ndi yokwanira, ndipo membala aliyense angathe kuitsimikizira yekha pamsonkhano.

| Chipangizo | Mtengo | Mtengo chikatha | Zaka | Kutha pachaka |
|---|---|---|---|---|
| Makina osokera anayi | 2,400 | 400 | 8 | 250 |
| Ovaloko | 900 | 60 | 6 | 140 |
| Mapanelo a sola | 1,000 | 0 | 20 | 50 |
| Inveta | 480 | 0 | 8 | 60 |
| Mabatire awiri | 720 | 60 | 3 | 220 |
| Matebulo ndi mipando | 500 | 0 | 10 | 50 |

Zonse pamodzi ndi 770 pachaka, pafupifupi 64 pamwezi, kapena 32 pa zovala 100 zilizonse. Phindu lenileni la gululi silinali 1,200 koma 430. Pa 150 yomwe membala ankapita nayo kwawo, pafupifupi 54 yokha ndiyo inali phindu. Yotsalayo inali zidutswa za makina ndi mabatire zitasanduka ndalama.

Mamembala ena anakana mfundoyi ponena kuti katunduyo anali waulere, ndiye angamawerengere bwanji ndalama zomwe sanatulutse. Maganizowa amamveka kawirikawiri, ndipo mbali imodzi ndi oona: pogula koyamba sanatulutse kanthu. Koma mphatsoyo inali ya ulendo umodzi. Makina opatsidwa amatha ngati ogula, ndipo achiwiri adzagulidwa ndi ndalama za gulu. Kasitomala amene ankagula chovala pa mtengo wosawerengera kutha kwa makina ndiye ankadya mphatsoyo pang'onopang'ono.

Chifukwa chake sola tainyenya patatu

Pa pepala lomwe bungwe linasiya, magetsi a dzuwa analembedwa mzere umodzi: 2,200, zaka makumi awiri. Kuwerenga motero kumapereka 110 pachaka. Nambala ya zaka makumi awiriyo ndi ya mapanelo okha, omwe alibe chozungulira kapena chotha msanga. Inveta, chipangizo chosintha moto wa m'mabatire kuti uyendetse makina, siifika pamenepo, ndipo mabatire a mtovu ndi asidi ogwira ntchito tsiku ndi tsiku amatha m'zaka zochepa chabe. Tikawerenga chilichonse pachokha timapeza 50, 60 ndi 220, kuphatikiza 330. Ndi katatu kuposa zomwe mzere umodziwo unkaonetsa.

Onani kuti mabatire, omwe mtengo wake sukufika gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a katundu yense, ndi omwe akutha pafupifupi mofanana ndi makina anayi osokera pamodzi. Chinthu chotsika mtengo chokhalitsa pang'ono chingathe kudya bajeti kuposa chodula chokhalitsa. Maso a anthu amathamangira pa chinthu chachikulu, ndipo apa ndi pomwe mabajeti ambiri amaphonya. Mfundo yogawa chipangizo m'zigawo si yathu ayi. Muyezo wa padziko lonse wowerengera katundu wokhalitsa, IAS 16, umafuna kuti gawo lililonse lomwe mtengo wake ndi waukulu poyerekeza ndi chipangizo chonse liwerengedwe palokha. Kagulu kakang'ono sikakakamizidwa kutsata muyezowo, koma nzeru yake imagwira ntchito ngakhale m'kachipinda kosokera. Funso lofunsa pa chipangizo chilichonse n'lakuti: m'kati mwake muli chiyani chomwe chidzafe china chisanafe, ndipo kodi n'chodula moti chingaimitse ntchito?

Mabatire atafa

Kumayambiriro kwa mwezi wa 31, mabatire anasiya kusunga moto. Zizindikiro zinalipo kwa miyezi itatu m'mbuyomo. Ankadzadza msanga m'mawa, koma mtambo ukangophimba dzuwa kapena ikafika nthawi ya madzulo, inveta inkalira n'kuzimitsa makina. Batire lodzadza msanga n'kutha msanga ndi batire lomwe mphamvu yake yosunga yachepa. Palibe amene analemba zimenezi paliponse.

Anafa asanakwane zaka zitatu chifukwa cha simbi. Mabatirewo anali awiri a 12 V, 200 Ah lililonse, omwe pamodzi amasunga 4.8 kWh. Batire la mtovu silifuna kukhetsedwa kupitirira theka kawirikawiri, choncho moto wogwiritsa ntchito bwinobwino unali pafupifupi 2.4 kWh. Simbi ya mawati 1,200 ikakoka moto kwa maola awiri imamaliza 2.4 kWh yonseyo yokha. Gulu linkasita zovala madzulo, ntchito yosoka itatha, nthawi yomwe mapanelo salowetsa kanthu. Mabatire ankagona atakhetsedwa kwambiri usiku uliwonse, m'chipinda chotentha chopanda mpweya, ndipo zonsezi zimafupikitsa moyo wa batire. Kachipangizo koyezera kotsika mtengo kakanaonetsa vutoli: batire la 12 V lodzadza, litapuma, limaonetsa cha m'ma 12.6 V kapena kupitirira pang'ono, ndipo likafika theka limakhala cha m'ma 12.1 V kapena 12.2 V. Lomwe limapezeka pansi pa apo m'mawa uliwonse likuzunzidwa.

Izi zikukhudza bajeti mwachindunji. Zaka zomwe timalemba m'kaundula wa zipangizo si lonjezo la wopanga, ndi kuyerekeza kotengera momwe chipangizo chikugwiritsidwira ntchito pamalopo. Kagwiritsidwe kakasintha, zaka nazonso zisinthidwe. Gulu likanapitiriza kusita madzulo, mabatire atsopano akanayenera kulembedwa zaka ziwiri ndi theka, osati zitatu.

Pofika nthawiyo mamembala anali atagawana 3,000. Kutha kwa zipangizo kwa miyezi makumi atatuyo kunali 1,925, ndipo ndalama imeneyo ikanakhala pambali, kugula mabatire kukanakhala ntchito ya masiku awiri. M'malo mwake m'bokosi munali ndalama zogulira nsalu zokha. Mabatire omwe anagulidwa 720 tsopano anali 880. Akalewo anagulitsidwa 60 kwa ogula zitsulo zakutha, n'kutsala 820 zofunika kuzipeza.

Ntchito inaima milungu isanu ndi umodzi pomwe gulu linkakambirana ndi kufunafuna ngongole. Zovala 300 sizinasokedwe. Chovala chilichonse chimasiyira gulu 1 nsalu ndi malipiro zikachoka, ndiye gulu linataya 300, osoka nawonso anataya malipiro a 300, pamene lendi inkayendabe. Ngongole inapezeka ya miyezi isanu ndi umodzi, chiwongola dzanja cha 5 peresenti pamwezi pa ndalama yonse, kutanthauza 246 pamwamba pa 820. Kusowa kwa mzere umodzi uja kunadyera gulu 546, osawerengera malipiro otayika ndi sukulu imodzi yomwe inakasoketsa kwina chifukwa teremu sinkadikira.

Kwa olemba mabuku pali kachinthu kena. Kukanakhala kaundula, mabatirewo akanaoneka ndi mtengo wotsala wa 170 pa mwezi wa 30, popeza 720 kuchotsa 550 ya zaka ziwiri ndi theka ndi 170. Atagulitsidwa 60, kusiyana kwa 110 kumalembedwa ngati kuluza m'chaka chomwecho, ndipo mzere wa mabatire akale umatsekedwa, n'kutsegula watsopano. Kuluza kotere kukamabwerezabwereza pa mtundu umodzi wa katundu, ndiye kuti zaka zomwe mumalemba n'zochulukitsa.

Kutha kwa zipangizo si thumba logulira zina

Apa ndi pomwe ngakhale magulu omwe anaphunzitsidwa amasokonezeka. Kulemba 770 m'bajeti sikuika ndalama paliponse. Kumangotsitsa phindu papepala. Ngati 770 yomweyo yatsala m'bokosi la tsiku ndi tsiku, idzagula nsalu yowonjezera, idzabwerekedwa kwa membala amene wadwalitsa, idzasungunuka, ndipo tsiku lofunika sidzapezeka ngakhale buku lili lolondola. Pamafunika chinthu chachiwiri, thumba logulira zipangizo zatsopano, momwe ndalama zenizeni zimapita mwezi ndi mwezi.

Ziwirizi zimasiyananso kukula. Kutha kwa zipangizo kumayang'ana m'mbuyo, pa mtengo womwe chinthu chinagulidwira. Thumba limayang'ana kutsogolo, pa mtengo womwe chidzagulidwire. Gulu likanasunga 220 pachaka mokhulupirika kwa zaka zitatu, likanakhala ndi 660, kuwonjezera 60 ya mabatire akale n'kukwana 720, koma m'sitolo akanafuna 880 kapena kuposa. Kumene mitengo imakwera msanga, kapena kumene zipangizo zimachokera kunja ndipo ndalama ya m'dziko ikugwa mphamvu, mpatawu umakula kwambiri.

Kulosera mitengo ya zaka zisanu kutsogolo n'kungodzivutitsa. Njira yomwe imagwira ndi yowerengeranso chaka chilichonse. Kumapeto kwa chaka mumafunsa mtengo wa lero wa chipangizo chilichonse kwa ogulitsa awiri, makamaka molembedwa. Kenako pa chilichonse:

mtengo wa lero, kuchotsa zomwe chakalecho chidzagulidwe, kuchotsa zomwe zasungidwa kale, kugawa ndi zaka zotsala.

Mitengo ikakwera, nambalayo imakwera nayo chaka chotsatira. Chaka china mukasunga zoperewera, kupereweraku kumalowa mu kawerengedwe kotsatira pakokha. Chofooka chake n'chakuti zaka zomaliza zimalemera kuposa zoyamba pamene mitengo ikukwera mosalekeza, choncho chaka chomwe malonda ayenda bwino ndi bwino kuponyamo zoonjezera.

Kuwerengera kwa kumapeto kwa chaka chachitatu

Thumba linali lopanda kanthu, zaka zitatu zitadutsa kale. Ovaloko tsopano inali 1,140. Kuchotsa 60 kunatsala 1,080, ndipo zaka zotsala zinali zitatu zokha, choncho pankafunika 360 pachaka m'malo mwa 140 ija. Makina osokera anali 750 alionse, onse anayi 3,000, kuchotsa 400 n'kugawa pa zaka zisanu kunapereka 520. Mabatire atsopano aja anali atafika 900 m'sitolo, otsala ndi zaka ziwiri ndi theka, kutanthauza 336 titachotsa 60. Inveta inafuna 120, mapanelo pafupifupi 60, matebulo ndi mipando 90. Zonse zinakwana 1,486 pachaka.

Zotsala za gulu pachaka zinali 1,200. Ngakhale mamembala akanasiyiratu kugawana, ndalama sizikanakwana, ndipo pa ngongole ija panali patatsala 766 yolipira m'chaka chachinayi. Nambala ya 1,486 si mtengo weniweni wa kutha kwa zipangizo pachaka. Yafufuma chifukwa zaka zotsala zikusenza katundu wa zaka zitatu zomwe sizinasungidwe kanthu. Gulu loyamba kusunga tsiku loyamba silikumana ndi phiri lotere.

Chinthu china chinaonekera pomwe zaka zinandandalikidwa papepala, chaka chilichonse ndi zomwe zidzafunike kugulidwa. Chaka chachisanu ndi chimodzi mabatire ndi ovaloko zimathera limodzi, 1,920 titachotsa zomwe zakalezo zidzagulidwe. Chaka chachisanu ndi chitatu makina anayi ndi inveta zimathera limodzi, 3,200. Katundu wobwera tsiku limodzi amakalamba limodzi, ndipo ntchito zoyamba ndi thandizo zimakhala ndi vuto limeneli pafupifupi zonse. Pepala la zakali limatenga theka la ola kulemba, koma ndi lomwe limaonetsa ngati thumba lidzakhale ndi ndalama pa nthawi yake, zomwe nambala ya pachaka payokha siionetsa.

Zomwe zinasinthidwa

Choyamba, mekaniki anayendera makina osokera onse anayi. Anapeza kuti sakutha mofanana: awiri omwe ankasoka nsalu zolimba za mabuluku anali atadyeka kuposa awiri osoka malaya. Anagwirizana kuti makinawo adzasinthidwe amodziamodzi m'chaka cha 8, 9, 10 ndi 11, kuyambira odyeka kwambiri. Alionse akufuna 650, ndipo kugawa ndi zaka zotsala zisanu, zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri ndi zisanu ndi zitatu kunapereka 412 pachaka m'malo mwa 520. Chiwerengero chonse chinatsika kufika 1,378. Kutsikako si kwakukulu, ndipo tisanamizane kuti kutalikitsa zaka papepala kumapulumutsa gulu. Phindu lake lalikulu n'lakuti chaka chachisanu ndi chitatu sichidzafunanso 3,200 nthawi imodzi. Kutalikitsa kotere kuyenera kuchokera kwa munthu amene watsegula makinawo n'kuona. Kuwonjezera zaka chifukwa choti nambala ikuwawa n'kubwerera pomwe tinayambira. Ndipo makina okalamba amafuna kukonzetsa pafupipafupi, choncho mzere wa zokonzetsa uyenera kudzakwera m'zaka zimenezo.

Chachiwiri chinali mtengo wa chovala. Gulu linawonjezera 25 pa zovala 100 zilizonse, kuchoka pa 500 kufika 525, komwe ndi kukweza ndi 5 peresenti. Pa zovala 2,400 izi zimabweretsa 600, zotsala pachaka n'kufika 1,800. Asanakweze anafufuza mitengo ya osoka ena n'kupeza kuti ankagulitsa motchipa kuposa onse, zomwe sizodabwitsa, popeza anzawowo anagula okha makina awo ndipo amadziwa kuti amatha. Msika ukanakana mtengo watsopanowo, mayankho otsala akanakhala kusoka zovala zambiri ndi makina omwewo, kuchepetsa zotuluka zina, kapena kuvomereza kuti ntchitoyo singadziimire pa kukula komwe ili. Yankho lomalizalo n'lowawa, koma ndi bwino kulidziwa makina akadali ndi mtengo wogulitsika.

Chachitatu, kusita kunasamutsidwira masana, dzuwa lili pamutu, ndipo mabatire anaikidwa pamalo opita mphepo. Pa zonse zomwe zinachitika, ichi chokha ndi chomwe sichinadye ndalama.

M'chaka chachinayi, 1,800 kuchotsa 766 ya ngongole kunasiya 1,034, yonse n'kupita m'thumba. Inaperewera ndi 344 pa 1,378 yofunika, ndipo mamembala sanagawane kanthu chaka chimenecho, anangolandira malipiro awo osokera. Popanda ngongole, chaka chabwinobwino chikanasiya 422 yogawana, pafupifupi 53 aliyense. Nambalayi ikufanana ndi phindu lenileni lomwe linalipo kuyambira pachiyambi, kungoti tsopano likuoneka.

Momwe zimakhalira m'bajeti

Bajeti yatsopano ili ndi mapepala awiri. Loyamba limayankha funso loti ntchito ikupindula kapena ayi, ndipo m'menemo kutha kwa zipangizo ndi mzere wa zotuluka, pansi pa lendi ndi zokonzetsa. Lachiwiri limatsata ndalama zenizeni mwezi ndi mwezi. M'menemo mulibe kutha kwa zipangizo, muli ndalama yopita ku thumba, kubweza ngongole, ndi kugula chipangizo chatsopano pa mwezi womwe chidzagulidwe.

Cholakwika chofala n'kuwerenga kawiri. Ovaloko yatsopano ikagulidwa, mtengo wake sulowa pa pepala la phindu ngati zotuluka za chaka chimenecho, chifukwa yakaleyo yakhala ikulipiridwa chaka ndi chaka kudzera pa mzere wa kutha, ndipo yatsopanoyo iyamba mzere wake. Chimodzimodzi ndi ngongole yogulira chipangizo: chiwongola dzanja chimalowa pa pepala la phindu, koma ndalama yobwereka yeniyeniyo imaoneka pa pepala la ndalama lokha. Msungichuma akaika zonse pa pepala limodzi, chaka chogula chimaoneka ngati gulu lagwa, zaka zina n'kumaoneka ngati likulemera.

Pamafunikanso malire pakati pa kukonzetsa ndi kusintha. Singano, mabobini, malamba, mafuta ndi mipeni ya ovaloko ndi zotuluka za masiku onse. Gulu linagwirizana kuti chinthu chosakwana 50, kapena chosatha chaka, chilembedwe ngati chotuluka tsiku lomwe chagulidwa, ndipo simbi ndi sizasi zinagwera mmenemo. Popanda malire otere kaundula amadzadza ndi tinthu ting'onoting'ono mpaka msungichuma kutopa n'kumusiya. Mbali inayo, thumba silikhudzidwa pogula lamba kapena kulipira mekaniki. Likayamba kulipira zokonzetsa limatha osaona.

Ngati gulu limalipira msonkho pa phindu, dziwani kuti a msonkho m'maiko ambiri ali ndi maperesenti awoawo owerengera kutha kwa katundu. Amenewo ndi odzazira mafomu a msonkho, ndipo sayenera kulowa m'malo mwa zaka zenizeni zomwe makina anu akhale.

Kusunga thumba

Ndalama ya thumba imachoka kumayambiriro kwa mwezi, pamodzi ndi lendi, osati kumapeto poona zomwe zatsala. Kwa gululi 1,378 pachaka ndi pafupifupi 115 pamwezi. Koma mayunifolomu sayenda mofanana chaka chonse, amagulidwa kwambiri sukulu zikamatsegulira, ndiye gulu linasankha kuwerengera pa zovala: 58 pa zovala 100 zilizonse zogulitsidwa. Mwezi wa malonda ambiri thumba limalandira zambiri, mwezi wouma silifinya gulu. Choyenera kuyang'anira n'chakuti mabatire ndi mapanelo amakalamba ngakhale malonda ataima, choncho zovala zikachepera 2,400 pachaka, nambala ya 58 iyenera kukwera.

Thumba ndi akaunti imodzi yapadera yofuna anthu awiri kapena atatu kusaina, koma m'kaundula chipangizo chilichonse chili ndi tsamba lake: tsiku logula, mtengo, nambala ya pa makina, zaka, zomwe zasungidwira chimenecho, ndi zokonzetsa zonse. Tsamba la zokonzetsali ndi lomwe limauza gulu kuti nthawi yosintha yayandikira. Makina omwe akudya ndalama zokonzetsa pachaka zoposa zomwe atsopano angathe nazo pachaka, kuwonjezapo masiku omwe akhala osagwira ntchito, afika potsanzikana nawo ngakhale zaka za m'kaundula zisanakwane.

Lamulo lomwe linakanganitsa kwambiri ndi loletsa kubwereketsa ndalama za thumba kwa mamembala. Ena ankati ndalama yongokhala ikuluza mphamvu, bwanji osaibwereketsa ibereke. Zoti ikuluza mphamvu n'zoona. Koma chipangizo sichisankha tsiku lofa, ndipo ndalama yomwe ili m'manja mwa anthu asanu ndi atatu siibwera sabata imodzi. Anagwirizana kuti ndalama yokwana mabatire ikhale nthawi zonse pomwe ingatengedwe msanga, yotsalayo iikidwe ku akaunti yopereka chiwongola dzanja ya miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi.

Kumene mitengo ikuthamanga kuposa chiwongola dzanja cha kubanki, kugula chipangizo nthawi isanakwane kungakhale kwanzeru kuposa kusunga ndalama. Makina osokera angagulidwe chaka chimodzi msanga n'kuyamba kugwira ntchito, akalewo n'kukhala oyembekezera tsiku lomwe ena awonongeka. Mabatire ayi. Batire la mtovu likangokhala limataya moto lokha, ndipo likakhalitsa losatchajidwa limawonongeka m'kati, pamene chitsimikizo cha wogulitsa chimayamba kuwerengedwa tsiku logula. Kuphatikiza batire latsopano ndi lakale pa waya umodzi nakonso kumafupikitsa moyo wa latsopanolo, n'chifukwa chake pa tsamba la mabatire gulu linalemba mtengo wa onse awiri pamodzi, 900, ndi mwezi wa 66 ngati nthawi yomwe ndalamayo iyenera kukhala itakwana.